Kope limasunga, pivoti imawerenga: kudziwa katundu amene akuyenda mwezi ndi mwezi

Pafupifupi golosale iliyonse ili ndi kope lake. Limakhala pansi pa kauntala, m'mbali mwake mwada ndi mafuta ophikira, ndipo madzulo aliwonse mwini sitolo amalembamo zomwe zagulidwa tsikulo. Kopelo silinama, koma siliyankhanso mafunso. Mukafuna kudziwa mapaketi a shuga amene anatuluka mu Seputembala, muyenera kuvundukula masamba a mwezi wonse, kumanyambita chala, kumadina kakyuleta, ndipo kasitomala akangolowa pakati pa ntchitoyo mumayambiranso. N'chifukwa chake ambiri safunsa n'komwe. Amapita kukaoda katundu mongoganizira, potengera zomwe maso awo aona pa shelefu.

Mu Excel muli chida chimene chinapangidwira funso lomweli. Pa kompyuta chimalembedwa kuti PivotTable, ndipo pano tizingochitchula kuti pivoti. Sichatsopano ayi: pulogalamu ya Lotus Improv inatuluka ndi nzeru imeneyi mu 1991, ndipo Excel inayamba kukhala nacho mu 1993. Google Sheets ndi LibreOffice Calc, yomwe ndi yaulere, nazonso zili nacho. Ntchito yake ndi kutenga mndandanda wautali wa malonda n'kuuunjika m'magulu amene mwasankha, monga mayi wogulitsa pamsika amagawira tomato m'milu. Mayina a katundu amatsika mmunsi, miyezi imayenda chopingasa, ndipo pamene ziwirizo zakumana pamaoneka ndalama.

Kuti zimveke, tiyerekeze mayi amene ali ndi golosale pa tauni yaing'ono ndipo ali ndi laputopu. Amagulitsa zinthu zambiri, koma ife titsatire zinayi zokha, shuga, mafuta ophikira, sopo wochapira ndi makope a sukulu, kwa miyezi itatu: Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala. Mitengo yonse m'nkhaniyi ndi yongoyerekezera.

Ntchito yaikulu ili m'kalembedwe

Kupanga pivoti kumatenga mphindi ziwiri. Chimene chimafuna chisamaliro ndi mndandanda umene pivotiyo idzawerenge, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Munthu akatsegula Excel koyamba, mtima umamuuza kuti alembe monga amalembera m'kope: mutu wa mwezi pamwamba, masiku pansi pake, kenako mzere wophatikiza zonse, kenako malo opanda kanthu, kenako mwezi wina. Ena amatsegulira mwezi uliwonse tsamba lakelake. Zimenezi zimakoma m'maso, koma pivoti imasokonezeka nazo. Ikapeza mzere wophatikiza pakati pa mndandanda imauyesa malonda enanso, ndiye ndalama zanu zimawirikiza kawiri. Mzere wopanda kanthu nawo umachititsa Excel kuganiza kuti mndandanda wathera pomwepo.

Chimene pivoti imafuna ndi mndandanda umodzi wosadukiza. Mzere woyamba ukhale wa mitu, kolamu iliyonse ndi mutu wake, ndipo mzere uliwonse wotsatira unene chinthu chimodzi: tsiku lakuti, katundu wakuti, anatuluka wochuluka chonchi, pa mtengo wakuti. Mayi athuwa alemba motere:

```
Tsiku       Katundu  Kuchuluka  Mtengo  Ndalama  Malipiro
2025-08-01  Shuga    5          2500    12500    Kashi
2025-08-01  Sopo     8          700     5600     Kashi
2025-08-01  Mafuta   2          6000    12000    Ngongole
2025-08-02  Shuga    3          2500    7500     Mpamba
```

Sipafunika kulemba kasitomala aliyense payekha. Amene amagulitsa machesi ndi maswiti sangakwanitse zimenezo. Mzere umodzi wa katundu aliyense pa tsiku ndi wokwanira, ndipo ngati wina wagula pa kashi wina pa ngongole, ikhale mizere iwiri. Sitolo yokhala ndi mitundu 30 ya katundu, yotsegula masiku 26 pa mwezi, imapanga mizere pafupifupi 780 mwezi uliwonse. Kwa munthu wowerenga ndi chala imeneyo ndi ntchito ya usiku wonse, pomwe kwa Excel si kanthu.

Kolamu ya Ndalama musamalembemo pamanja. Musanayambe, dinani paliponse mkati mwa mndandandawo n'kusindikiza Ctrl+T, kenako vomerani kuti mzere woyamba ndi wa mitu. Mukatero Excel imauona mndandandawo ngati tebulo lomwe limakula lokha mukawonjezera mzere pansi. M'kabokosi koyamba ka Ndalama lembani:

```
=[@Kuchuluka]*[@Mtengo]
```

Fomula imeneyi imadzitsitsa yokha m'mizere yonse, yakale ndi yatsopano yomwe. Ine ndimaona kuti Ctrl+T ndi sitepe imene siyenera kudumphidwa, chifukwa popanda iyo pivoti imangodziwa mizere imene inalipo tsiku loipanga, ndipo malonda a mwezi wotsatira amatsala kunja popanda chenjezo lililonse.

Mabokosi anayi

Tsopano dinani mkati mwa tebulolo, pitani pa Insert, sankhani PivotTable, ndipo muiuze kuti iikidwe pa New Worksheet. Patseguka tsamba latsopano. Kumanja kwake kuli mayina a makolamu anu, ndipo pansi pa mayinawo pali mabokosi anayi: Filters, Columns, Rows ndi Values. Pivoti yonse yagona pa kukoka dzina n'kuliponya m'bokosi. Kokani Katundu mumuike mu Rows. Kokani Ndalama muziike mu Values. Pomwepo muona katundu aliyense ndi ndalama zonse zimene wabweretsa. Kenako kokani Tsiku muliike mu Columns.

Excel ya 2016 ndi zotsatira zake kawirikawiri imaunjika masikuwo kukhala miyezi yokha. Ikapanda kutero, muona tsiku lililonse lili ndi kolamu yake, tebulo lotambalala mpaka kutuluka pa sikirini. Dinani pa tsiku limodzi ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Group, ndipo musankhe Months pamodzi ndi Years. Chaka musachisiye. Mukasankha miyezi yokha, Seputembala wa 2025 ndi Seputembala wa 2026 adzalowa m'kolamu imodzi, ndipo mudzasangalala ndi malonda amene sanachitike m'mwezi umodzi. Pa Google Sheets njira yake ndi Insert, kenako Pivot table, ndipo pa tsiku mumasankha Create pivot date group kenako Year-Month.

Kwa mayi athu zatuluka motere:

```
Katundu      Aug      Sep      Oct      Grand Total
Mafuta       240,000  252,000  270,000  762,000
Makope       30,000   200,000  25,000   255,000
Shuga        300,000  308,000  320,000  928,000
Sopo         140,000  133,000  154,000  427,000
Grand Total  710,000  893,000  769,000  2,372,000
```

Asanakhulupirire tebulo limeneli, pali chinthu chimodzi choti achite. Abwerere ku mndandanda, adine pamwamba pa kolamu ya Ndalama, ayang'ane Sum imene imaoneka pansi penipeni pa sikirini. Ngati ikunena 2,372,000 monga kona ya pivoti, zili bwino. Zikasiyana, ndiye kuti pali mizere imene yatsala kunja kapena manambala amene sakuwerengedwa, ndipo palibe chifukwa chopitirira mpaka vutolo litapezeka.

Kuwerenga zomwe zatuluka

Mayiwa ankadziwa kale kuti Seputembala unali mwezi wabwino, chifukwa thumba linalemera. Chimene sankadziwa ndi chimene chinalemeretsa thumbalo. Malonda anakwera kuchoka pa K710,000 kufika pa K893,000, kusiyana kwa K183,000. Koma taonani mzere wa makope: unachoka pa K30,000 kufika pa K200,000. Ndiye kuti pa K183,000 ija, K170,000 inachokera ku makope okha, pamene makolo amakonzekeretsa ana kutsegulira chaka chatsopano cha sukulu. Katundu wina yenseyo anangowonjezera K13,000. Akanatengera kulemera kwa thumba n'kukaoda katundu aliyense mowirikiza, mpamba ukanagona pa shelefu mu Okutobala. Chimene tebulo likuwauza ndi chakuti chaka chamawa makope afike m'sitolo kumapeto kwa Ogasiti, ochuluka, ndipo Seputembala akamatha asaodenso ambiri.

Mzere wa shuga ndi umene ndikufuna tiuyang'anitsitse, chifukwa umanyenga. Ndalama zake zikukwera mwezi ndi mwezi: K300,000, K308,000, K320,000. Aliyense angati shuga akuyenda bwino. Tsopano chotsani Ndalama m'bokosi la Values muikemo Kuchuluka. Tebulo lisintha nthawi yomweyo, ndipo mzere wa shuga unena kuti 120, 110, 100. Mapaketi akuchepa. Chimene chinakwera ndi mtengo, kuchoka pa K2,500 kufika pa K2,800 kenako K3,200. M'miyezi iwiri sitolo yataya malonda a mapaketi 20, belo lathunthu, koma ndalama zinabisa zimenezo.

M'dziko limene mitengo imasintha pafupipafupi, phunziro limeneli si laling'ono. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo inakwera, ndipo wamalonda aliyense amene ankangoyang'ana ndalama za m'kope akanatha kuganiza kuti bizinesi yakula pomwe makasitomala akugula zochepa. Choncho ine ndimalangiza kuti pivoti zikhale ziwiri moyandikana, ina ya ndalama, ina ya kuchuluka. Mafuta a mayiwa amaonetsa kusiyana kwake: mtengo unakhala pa K6,000 miyezi yonse itatu, ndipo mabotolo anali 40, 42, kenako 45. Kumeneko ndiye kukula kwenikweni. Pa pivoti ya kuchuluka, mzere wa Grand Total wa pansi musaulabadire, chifukwa kuphatikiza mapaketi a shuga ndi mitanda ya sopo sikupereka tanthauzo lililonse.

Nanga shuga akutsikiranji? Mwina sitolo yapafupi ikugulitsa motsikirapo, mwina anthu achepetsa kumwa tiyi, mwinanso shugayo anasowa kwa sabata. Pivoti imatha kuthandiza kufufuza. Mukadina kawiri pa nambala iliyonse mkati mwake, Excel imatsegula tsamba latsopano lokhala ndi mizere yonse imene yapanga nambalayo. Mayiwa akadina kawiri pa 100 ya Okutobala n'kupeza kuti kuyambira pa 13 mpaka pa 18 palibe mzere wa shuga ngakhale umodzi, akumbuka kuti masiku amenewo ku holoselo kunalibe shuga. Pamenepo nkhani yasintha: anthu ankamufuna, koma shelefu inali yopanda kanthu. Awa ndi malire a chidachi. Chimawerenga zimene zinagulidwa, osati zimene kasitomala anafunsa n'kubwerera chimanjamanja. Zimenezo zimadziwika ndi amene amaima pa kauntala, ndipo ndi bwino kuzilemba penapake.

Ndalama zolowa si phindu

Pa tebulo lija shuga ndiye mfumu. Mukadina ndi batani la kumanja pa nambala iliyonse n'kusankha Show Values As kenako % of Grand Total, muona kuti shuga wabweretsa pafupifupi 39 peresenti ya ndalama zonse, pomwe sopo wabweretsa 18 peresenti. Koma wamalonda sadya ndalama zolowa, amadya phindu. Onjezani kolamu ina ku mndandanda, yotchedwa Kuoda, momwe muzilemba mtengo umene munagulira chinthu chimodzi, ndi inanso yotchedwa Phindu:

```
=[@Kuchuluka]*([@Mtengo]-[@Kuoda])
```

Tinene kuti mayiwa amapeza K200 pa paketi ya shuga ndi K150 pa mtanda wa sopo. M'miyezi itatu anagulitsa mapaketi 330 a shuga, phindu lake K66,000. Sopo anatuluka mitanda 610, phindu lake K91,500. Sopo, amene ndalama zake sizinafike ngakhale theka la za shuga, ndiye akulipira gawo lalikulu la lendi. Izi sizikutanthauza kuti asiye shuga, poti wobwera kudzagula shuga ndi yemwenso amatola sopo ndi machesi. Koma tsiku limene mpamba wachepa ndipo akuyenera kusankha pakati pa belo lachitatu la shuga ndi katoni ya sopo, akudziwa chimene chibweze ndalama zambiri.

Pali msampha pano umene umakola ngakhale odziwa kompyuta. Excel ili ndi chinthu chotchedwa Calculated Field, chimene chimalola kulemba fomula mkati mwa pivoti momwemo, ndipo munthu amakopeka kuchulukitsa Kuchuluka ndi Mtengo pamenepo. Vuto lake ndi lakuti chimayamba chaphatikiza kolamu iliyonse, kenako n'kuchulukitsa. Tengani mizere iwiri: mapaketi 2 pa K2,500 ndi mapaketi 3 pa K2,800. Ndalama zenizeni ndi K5,000 kuphatikiza K8,400, zomwe ndi K13,400. Calculated Field itenga mapaketi 5 n'kuchulukitsa ndi K5,300, ipeze K26,500. Kuchulukitsa kulikonse kuzichitikira mu mndandanda, mzere ndi mzere, ndipo pivoti izingophatikiza.

Kolamu ya Malipiro ija nayonso ili ndi ntchito. Ikokereni mu Filters, ndipo pamwamba pa pivoti paoneka posankhira. Mukasankha Ngongole yokha, tebulo lionetsa katundu amene anatuluka koma ndalama yake sinalowe tsikulo. Mukasankha Mpamba kapena Airtel Money, mupeza nambala yofananitsa ndi zomwe zili pa foni. Katundu amene banja latenga kukagwiritsa ntchito kunyumba azilembedwanso, pansi pa dzina lake monga Kunyumba, kuti powerenga katundu wotsala musamakayikire mnyamata wogulitsa pa shuga amene anamwera tiyi ana anu.

Zizindikiro zoti china chalakwika

Cholakwika chofala kwambiri chimaonekera pakona ya pivoti. M'malo molemba Sum of Ndalama, pamalembedwa Count of Ndalama, ndipo manambala amakhala aang'ono modabwitsa, monga 26 pa shuga wa mwezi wonse. Imeneyo si ndalama, ndi chiwerengero cha mizere. Zimachitika pamene m'kolamu ya Ndalama muli mawu m'malo mwa nambala, mwachitsanzo wina walemba K12,500 ndi chilembo K kutsogolo, kapena walemba kuti "sanalipire". Mutha kusintha podina Value Field Settings n'kusankha Sum, koma zimenezo sizichiritsa nthenda, chifukwa mabokosi amene muli mawu aja adumphidwa powerengera. Bwererani ku mndandanda mukawakonze. Kuwazindikira n'kosavuta: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere.

Masiku ndi amene amavutitsa kwambiri. Kuno timayamba ndi tsiku kenako mwezi, koma makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa Chimereka, mwezi patsogolo. Mukalemba 03/09/2025 mukutanthauza pa 3 Seputembala, kompyuta yotereyi imamva kuti ndi pa 9 Malichi. Mukalemba 15/09/2025, imalephera kupeza mwezi wa nambala 15, ndiye imangosunga zimenezo ngati mawu. Zotsatira zake, pivoti imaonetsa malonda m'miyezi imene simunalembe kalikonse, kapena imakana kuunjika masiku n'kutulutsa uthenga wakuti Cannot group that selection. Njira yosavuta yopewera ndi kulemba chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2025-09-03. Mukakayika, lembani fomula iyi pambali:

```
=ISNUMBER(A2)
```

Ikayankha TRUE, tsikulo ndi lenileni. Ikayankha FALSE, ndi mawu chabe ndipo liyenera kulembedwanso. Dziwani kuti mayeso amenewa sagwira 03/09 amene watembenuzika kukhala Malichi, poti limenelo ndi tsiku ndithu, koma lolakwika. Loterolo mumalipeza poona mwezi wachilendo pamwamba pa pivoti n'kudina kawiri pansi pake.

Mayina a katundu nawo amagawanika. Lero mwalemba Shuga, mawa mwana wanu walemba Suga, mkuja wina walemba Shuga 1kg, ndipo pivoti ikupatsani mizere itatu ya chinthu chimodzi. Choipa kwambiri ndi Shuga wokhala ndi mpata wosaoneka kumapeto, chifukwa mizere iwiriyo imaoneka yofanana ndendende. Mankhwala ake ndi kulemba mayina onse a katundu pa tsamba lina kamodzi kokha, kenako kusankha kolamu ya Katundu, kupita pa Data, Data Validation, n'kusankha List. Kuyambira pamenepo wolemba amangosankha dzina pa mndandanda, salembanso pamanja. Ngati mumagulitsa mafuta a lita imodzi ndi a malita awiri, akhale mayina awiri osiyana kuyambira pachiyambi, apo ayi kuchuluka kwake sikudzatanthauza kanthu.

Chomaliza chimagwira pafupifupi aliyense kamodzi. Mwalemba malonda a sabata yonse, mwatsegula pivoti, koma manambala ndi akale omwe aja. Sikuti yawonongeka. Pivoti ya Excel imasunga chithunzi cha mndandanda monga unalili nthawi yomaliza kuuwerenga, ndipo imadikira kuti muiuze iwerengenso. Dinani mkati mwake ndi batani la kumanja n'kusankha Refresh, kapena sindikizani Alt+F5. Ngati muli ndi pivoti ziwiri zija, ya ndalama ndi ya kuchuluka, Ctrl+Alt+F5 imadzutsa zonse pamodzi. Mu PivotTable Options, pansi pa Data, muli kabokosi kolembedwa Refresh data when opening the file. Kachongeni kamodzi ndipo izidziwerengera yokha mukatsegula fayilo. Ya Google Sheets imasintha yokha, bola mizere yatsopanoyo ili mkati mwa dera limene munaiuza kuti iziwerenga.

Kope la pansi pa kauntala lisatayidwe. Magetsi amazima, laputopu imatha moto, ndipo pa kauntala cholembera chimafulumira kuposa kiyibodi. Mayi athuwa apitirize kulemba m'kope masana, koma alijambule mizere yofanana ndi makolamu a pa kompyuta, kuti posamutsa asamaganizenso. Lamlungu masana, sitolo ili yotseka, asamutse za sabata yonse, asindikize Ctrl+Alt+F5, afananitse Sum ya mndandanda ndi Grand Total, kenako akopere fayiloyo pa fulashi. Akatero ayang'ane mzere wa shuga pa pivoti ya kuchuluka, aone ngati Novembala wabwerera ku mapaketi 120 kapena watsika pansi pa 100, asanakwere minibasi yopita ku holoselo Lolemba m'mawa.